Kupeza nambala yaikulu ndi yaing'ono koposa ya fankishoni pa intavo yotseka

Funso limakhala lotere: mwapatsidwa fankishoni, tinene f(x) = x³ − 3x² − 9x + 5, ndipo mwauzidwa kuti x azingoyenda kuchokera pa −2 kukafika pa 6. Akufuna munene nambala yaikulu koposa imene f ingatulutse pamenepo, ndi yaing'ono koposa. M'mabuku a kakyulasi nambala ziwirizi amazitcha abusoluti makisimamu ndi abusoluti minimamu. Pakati pa −2 ndi 6 pali ma x osawerengeka, ndiye simungawayese onse mmodzimmodzi. Chabwino chake n'chakuti simufunika kutero. Malo amene yankho lingabisale ndi ochepa, kawirikawiri atatu kapena anayi, ndipo ntchito yonse ndi kuwasonkhanitsa osasiyapo ngakhale amodzi, kenako n'kuwayerekeza.

Tiyambe tagwirizana pa mawu. Chigawo chimene x akuloledwa kuyendamo chimatchedwa intavo. Ikalembedwa ndi mabulaketi angodya, ngati [−2, 6], ndi intavo yotseka, kutanthauza kuti −2 ndi 6 nawonso ali m'gulu. Nambala ziwiri zam'mphepetezi ndizizitcha malekezero. Ikalembedwa ndi mabulaketi okhota, ngati (−2, 6), ndi yotsegula: x angathe kuyandikira 6 mmene angafunire koma osapondapo. Nambala imene f yatulutsa pa x wina ndiziitcha msinkhu, chifukwa pa galafu imasonyeza kuti mzere wakwera kapena watsika kufika pati.

Chifukwa chake malo ofufuza ndi ochepa

Tayerekezani kuti galafu ndi njira yodutsa m'mapiri, yoyambira pa mpanda wina kukathera pa mpanda wina. Mwaima penapake pakati pa njirayo ndipo pansi pakupendekeka. Ndiye kuti mbali imodzi ndi chitunda, mbali inayo ndi mtsetse. Mukasuntha phazi limodzi cha kuchitunda mwakwera, ndiye pamene munaimapo sipanali pamwamba koposa. Mukasuntha cha kumtsetse mwatsika, ndiye sipanalinso pansi koposa. Kupendekekaku ndi kumene dirivetivi f′(x) imayeza. Choncho malo alionse a m'kati mwa intavo pamene f′(x) ilipo ndipo si ziro, tingawachotse pampikisano osawayesa n'komwe. Ganizo limeneli limadziwika ndi dzina la Pierre de Fermat, yemwe ankafufuza za nsonga ndi zigwa za mizere m'zaka za m'ma 1600.

Tikachotsa onsewo, otsala ndi amitundu itatu yokha. Pali malo pamene njira yagona, kosakwera kosatsika, f′(x) = 0. Pali malo pamene njira yathyoka n'kupanga ngodya kapena nsonga yakuthwa, mwakuti kupendekeka sikunganenedwe, f′(x) palibe. Mitundu iwiriyi pamodzi ndi imene mabuku amaitcha makiritiko poyinti. Mtundu wachitatu ndi malekezero. Pampanda, njira itha kukhala ikukwerabe ndithu, koma inu simukuloledwa kupitirira, ndiye pomwe mwaimapo patha kukhala pamwamba koposa ngakhale dirivetivi si ziro.

Kukhala kiritiko poyinti sikutanthauza kuti malowo apambana. Pa fankishoni x³, dirivetivi ndi 3x², ndipo imakhala ziro pa x = 0. Koma galafu imangopuma pang'ono pamenepo n'kupitiriza kukwera. Si nsonga, si chigwa. Makiritiko poyinti angolembetsa nawo mpikisano basi. Wopambana amadziwika pa kuyerekeza misinkhu.

Choyamba: onani ngati njirayi ikuloledwa

Musanagwire dirivetivi, dzifunseni mafunso awiri. Kodi intavo ndi yotseka mbali zonse ziwiri? Kodi fankishoni ndi yosaduka pa intavo yonseyo, mwakuti mungajambule galafu yake osanyamula pensulo? Mayankho onse akakhala inde, pali lamulo lotsimikizika lakuti msinkhu waukulu koposa ulipo ndipo waung'ono koposa ulipo, ndipo fankishoni imafikadi pa yonse iwiri. Lamuloli limatchulidwa ndi dzina la Karl Weierstrass, katswiri wa masamu wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800. Popanda lamuloli mutha kumayerekeza nambala pofunafuna chinthu chimene kulibe.

Ambiri amalumpha sitepe iyi chifukwa mafunso ambiri amakhala a mapolinomiyo, omwe saduka paliponse. Tsoka limabwera tsiku limene x ali pansi pa mzere wogawira. Tengani 1/x pa [−1, 2]. Dirivetivi yake ndi −1/x², yomwe siikhala ziro. Munthu wachangu amayesa malekezero okha, n'kupeza −1 pa x = −1 ndi 0.5 pa x = 2, n'kulemba kuti yaikulu ndi 0.5. Tangoyesani x = 0.01: mukupeza 100. Yesani x = 0.001: mukupeza 1000. Fankishoniyi yaduka pa ziro, ndipo pafupi ndi pamenepo ikukwera mopanda malire mbali imodzi, kutsika mopanda malire mbali inayo. Yankho loona ndi lakuti ilibe msinkhu waukulu koposa kapena waung'ono koposa pa intavo imeneyi. Fankishoni yomweyo pa [1, 2] ilibe vuto, chifukwa ziro ali kunja.

Nanga intavo ikakhala yotsegula? Onani f(x) = x pa (0, 1). Mukati yaikulu ndi 0.9, wina anena 0.99. Mukati 0.999, wina awonjezera 9 wina. Nambala 1 imene ikanathetsa mkanganowu ndi yoletsedwa, choncho palibe wopambana. N'chifukwa chake mtundu wa mabulaketi muziuyang'ana bwino.

Fankishoni yathu ija, x³ − 3x² − 9x + 5, ndi polinomiyo, ndipo [−2, 6] ndi yotseka. Tingapitirire.

Chachiwiri: pezani dirivetivi, muiphwanye m'mafakita

Dirivetivi ya x³ ndi 3x², ya −3x² ndi −6x, ya −9x ndi −9, ndipo 5 woima yekhayo amasanduka ziro. Tikaphatikiza:

f′(x) = 3x² − 6x − 9

Musaisiye chonchi. Zigawo zonse zitatu zikugawika ndi 3, ndiye tulutsani 3 kunja, mutsale ndi x² − 2x − 3 m'mabulaketi. Tsopano tikufuna nambala ziwiri zimene pochulukitsana zikupereka −3, pophatikiza zikupereka −2. Ndi −3 ndi 1.

f′(x) = 3(x − 3)(x + 1)

Ikalembedwa m'mafakita, dirivetivi imaonetsa yokha pamene ikukhala ziro. Ikakana kuphwanyika bwino, gwiritsani ntchito fomula ya ikwezhoni ya kwadiratiki. Mayankho okhala ndi sikweya ruti ndi mayankho ndithu, musawaope.

Chachitatu: lembani makiritiko poyinti, mutaye amene ali kunja

Zinthu zochulukitsana zimapereka ziro pokhapokha chimodzi mwa izo chili ziro. Ndiye x − 3 = 0 kapena x + 1 = 0, kutanthauza x = 3 kapena x = −1. Kenako funsani za mtundu wachiwiri uja: kodi pali pamene f′(x) palibe? Pano ayi, 3x² − 6x − 9 imawerengeka pa x aliyense. Ndi bwino kuzolowera kulemba mzere umenewu ngakhale yankho likhale ayi, kuti tsiku limene lidzakhale inde musadzaiwale kufunsa.

Tsopano yang'anani intavo. Kodi −1 ali pakati pa −2 ndi 6? Inde. Nanga 3? Inde. Onse awiri atsala. Mukawaphatikiza ndi malekezero, mndandanda wathu uli ndi ma x anayi, ndipo ndi bwino kuwalemba motsatana kuyambira kumanzere: −2, −1, 3, 6.

Chachinayi: bwererani ku fankishoni yoyamba

Apa dirivetivi yamaliza ntchito yake, iikeni pambali. Ma x anayiwa mukuwalowetsa mu f, osati mu f′. Zikumveka zosafunika kunena, koma munthu amene wakhala akuyang'ana f′ kwa mphindi zisanu dzanja lake limapita komweko lokha. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mukapeza ziro pa makiritiko poyinti onse, mwalowetsa mu dirivetivi.

Tiyambe ndi x = −2, ndipo tiyende pang'onopang'ono chifukwa zizindikiro za negetivi ndi zimene zimagwetsa anthu. Kyubu ya −2 ndi −8. Sikweya ya −2 ndi 4, ndiye −3x² ndi −12. Chigawo cha −9x ndi −9 kuchulukitsa ndi −2, zomwe ndi +18. Pamodzi ndi 5 uja:

f(−2) = −8 − 12 + 18 + 5 = 3

Ena atatuwo amayenda chimodzimodzi:

f(−1) = −1 − 3 + 9 + 5 = 10

f(3) = 27 − 27 − 27 + 5 = −22

f(6) = 216 − 108 − 54 + 5 = 59

Ngati mukugwiritsa ntchito kakyuleta, nambala ya negetivi muziika m'mabulaketi. Makakyuleta a sayansi ambiri amawerenga −2² ngati −4, chifukwa amayamba apanga sikweya ya 2 kenako n'kuika chizindikiro. Chimene mukufuna ndi (−2)², chomwe ndi 4. Pa f(−2) kulakwitsa kumeneku kumasintha −12 kukhala +12, yankho n'kutuluka 27 m'malo mwa 3.

Chachisanu: yerekezani, mulembe yankho lathunthu

Tili ndi misinkhu inayi: 3, 10, −22 ndi 59. Waukulu ndi 59, waung'ono ndi −22. Yankho lilembedwe motere: msinkhu waukulu koposa wa f pa [−2, 6] ndi 59, ndipo ukupezeka pa x = 6; waung'ono koposa ndi −22, pa x = 3. Nambala ziwirizi musazisokoneze. Akafunsa kuti makisimamu ndi chiyani, yankho ndi 59. Akafunsa kuti ikuchitikira pati, yankho ndi 6. Kulemba zonse ziwiri kumakutetezani mbali zonse.

Taonani zimene zachitika pa x = −1. Pamenepo pali nsonga yeniyeni: galafu ikukwera kuchokera pa 3 kufika pa 10, kenako n'kutembenuka kutsika. Pa malo oyandikana nawo onse, 10 ndiye wamkulu, ndipo mabuku amati imeneyi ndi makisimamu ya pamalo pomwepo. Koma pa intavo yonse yagonja kutali kwa 59, yemwe ali pamalekezero pamene galafu siinatembenuke n'komwe. Dirivetivi pa x = 6 ndi 3 × 3 × 7 = 63, kusonyeza kuti mzere unali ukukwera mwamphamvu pamene mpanda unauimitsa. Amene akanangoyang'ana pamene f′(x) = 0 akanayankha 10.

Mwina mukudabwa kuti sitinapeze dirivetivi yachiwiri. Pa ntchito iyi siifunika. Dirivetivi yachiwiri imakuuzani ngati kiritiko poyinti ndi nsonga kapena chigwa poyerekeza ndi malo oyandikana nayo okha, koma siingakuuzeni ngati nsongayo yaposa malekezero. Mukadaipeza, mukadayenerabe kuwerenga misinkhu inayi ija. Ine ndimaona kuti kuiwerenga pano ndi kungotsegulira khomo zolakwa zina.

Sunthani mpanda, yankho lisintha

Njira yabwino yomvetsera zonsezi ndi kusunga fankishoni yomweyo n'kumasintha intavo. Dirivetivi siisintha, ndipo ma x amene amaipanga ziro akadali −1 ndi 3.

Pa [−2, 4], malekezero akumanja ndi 4, ndipo f(4) = 64 − 48 − 36 + 5 = −15. Misinkhu ndi 3, 10, −22 ndi −15. Ulendo uno nsonga ya pa x = −1 yapambana ndi 10, chigwa cha pa x = 3 chikadali pansi ndi −22, ndipo malekezero onse awiri agonja.

Pa [0, 4] pali msampha. Kiritiko poyinti −1 tsopano ili kunja. Mndandanda ndi 0, 3, 4, ndipo misinkhu yake ndi 5, −22, −15. Yaikulu ndi 5, pa x = 0. Woiwala kutaya −1 alemba 10, nambala imene fankishoni siifikapo n'komwe pakati pa 0 ndi 4.

Pa [0, 2] makiritiko poyinti onse awiri ali kunja. Palibe cholakwika, zikungotanthauza kuti galafu ikuyenda mbali imodzi pa intavo yonse, osatembenuka. Malekezero okha ndi amene atsala: f(0) = 5 ndi f(2) = 8 − 12 − 18 + 5 = −17. Woyamba ndiye wamkulu, wachiwiri wamng'ono.

Ndipo pa [−2, 5] pakuchitika chinthu chosangalatsa. Werengani f(5) = 125 − 75 − 45 + 5 = 10, yofanana ndendende ndi f(−1). Musavutike kusankha mmodzi. Msinkhu waukulu koposa ndi umodzi, 10, koma ukupezeka pamalo awiri, x = −1 ndi x = 5, ndipo onse awiri muwatchule.

Malo amene amaiwalika kwambiri: pamene dirivetivi palibe

Mapolinomiyo amazoloweretsa munthu kuganiza kuti kiritiko poyinti ndi pamene f′(x) = 0 basi. Fankishoni ikakhala ndi mphamvu ya fulakishoni kapena mizere iwiri ya abusoluti, chizolowezi chimenechi chimalakwitsa. Chitsanzo chosavuta ndi |x − 1| pa [−1, 4]. Kumanzere kwa 1 dirivetivi ndi −1, kumanja ndi +1, ndipo palibe pamene ikukhala ziro. Galafu yake ili ngati chilembo V, ngodya yake ili pa x = 1. Malekezero akupereka 2 ndi 3, koma pangodyapo msinkhu ndi 0, ndipo umenewo ndiwo waung'ono koposa.

Pa chitsanzo chimenecho ngodya ikuoneka ndi maso. Tiyeni titenge china chimene yabisala:

h(x) = 3x^(2/3) − x pa [−8, 10]

Chizindikiro x^(2/3) chikutanthauza kuti mupeze kyubu ruti ya x, kenako muipange sikweya. Kyubu ruti imawerengeka pa nambala iliyonse, ya negetivi yomwe, ndiye h ndi yosaduka pa intavo yonse ndipo sitepe yoyamba yadutsa. Dirivetivi timaipeza potsitsa mphamvu 2/3 kuti ichulukitse 3, zomwe zikupereka 2, n'kuchotsa 1 pa mphamvuyo, kutsala −1/3:

h′(x) = 2x^(−1/3) − 1

Mphamvu ya negetivi imabisa zinthu, choncho nthawi zonse muziilembanso ngati fulakishoni. Apa x^(−1/3) ndi 1/∛x, ndipo tikaika zonse pamwamba pa mzere umodzi wogawira:

h′(x) = (2 − ∛x) / ∛x

Tsopano mitundu iwiri ija ya makiritiko poyinti ili ndi malo ake oonekeratu. Pamwamba pa mzere pakakhala ziro, dirivetivi ndi ziro: ∛x = 2, ndiye x = 8. Pansi pa mzere pakakhala ziro, dirivetivi palibe: ∛x = 0, ndiye x = 0. Onse awiri ali m'kati mwa [−8, 10].

Wina angafunse kuti, bwanji ziro wa pa 1/x uja tinamukana, koma uyu tikumulandira? Kusiyana kwake kuli pa fankishoni yoyamba. Pa 1/x, fankishoni yeniyeniyo siiwerengeka pa ziro, ndiye palibe msinkhu woti tiyerekeze, ndipo galafu yaduka. Pa h, fankishoni ikuwerengeka bwinobwino, h(0) = 0; chimene chikusowa ndi dirivetivi yokha. Galafu siinaduke, yangopanga nsonga yakuthwa yoloza pansi. Choncho mukapeza x amene akupha dirivetivi, kamuyeseni mu fankishoni yoyamba. Akatulutsa nambala ndipo galafu siinaduke pamenepo, alowe mu mndandanda. Akakana, bwererani ku sitepe yoyamba, chifukwa njira yonseyi siikuloledwa pa intavo imeneyo.

Mndandanda wathu ndi −8, 0, 8, 10. Pa x = −8, kyubu ruti ndi −2, sikweya yake ndi 4, kuchulukitsa ndi 3 ndi 12, ndipo kuchotsa −8 ndi kuwonjezera 8, ndiye h(−8) = 20. Izi muwerenge pamanja motsatana chonchi, chifukwa makakyuleta ena mukawapatsa nambala ya negetivi yokhala ndi mphamvu 2/3 amakana kapena kutulutsa nambala yachilendo. Pa x = 0 tapeza kale 0. Pa x = 8, kyubu ruti ndi 2, ndiye h(8) = 12 − 8 = 4. Pa x = 10, sikweya ya kyubu ruti ya 10 ndi chimodzimodzi kyubu ruti ya 100, pafupifupi 4.642, kuchulukitsa ndi 3 n'kuchotsa 10 kukupereka pafupifupi 3.92.

Misinkhu ndi 20, 0, 4 ndi 3.92. Waukulu ndi 20 pa x = −8, waung'ono ndi 0 pa x = 0. Amene anaiwala kuyang'ana pansi pa mzere wogawira akanakhala ndi 20, 4 ndi 3.92 zokha, n'kulemba kuti waung'ono ndi 3.92, masamu ake ena onse ali olondola. Onaninso mmene 4 ndi 3.92 zayandikirana. Nambala zikayandikana chonchi musazidule msanga, mukanazungulitsa 3.92 kukhala 4, simukanadziwa kuti wamkulu ndi uti pa intavo ngati [1, 10], pamene nkhani ili pakati pa ziwirizi.

Kutaya yankho pogawa

Pali njira inanso imene kiritiko poyinti imasowera, ndipo iyi imachitika pothetsa ikwezhoni. Tengani k(x) = x⁴ − 8x² pa [−1, 2]. Dirivetivi ndi 4x³ − 16x. Munthu amalemba 4x³ = 16x, n'kugawa mbali zonse ndi 4x, n'kutsala ndi x² = 4, kenako x = 2 kapena −2. Zikuoneka zaukhondo, koma pogawa ndi x wangovomereza mosadziwa kuti x si ziro, pomwe ziro ndi yankho. Cholondola ndi kutulutsa fakita kunja osaifafaniza:

k′(x) = 4x(x − 2)(x + 2)

Mayankho ndi atatu: 0, 2 ndi −2. Tikutaya −2 chifukwa ali kunja. 2 ali kale pa mndandanda monga malekezero, ndiye sitimulemba kawiri. Misinkhu: k(−1) = 1 − 8 = −7, k(0) = 0, k(2) = 16 − 32 = −16. Waukulu koposa ndi 0, pa x yemwe uja akanatayika pogawa. Wogawa uja akanayankha −7.

Zofanana ndi izi zimachitika pa sin ndi cos, pamene ikwezhoni imodzi imakhala ndi mayankho obwerezabwereza koma kakyuleta imakupatsani limodzi lokha. Pa sin x + cos x, dirivetivi ndi cos x − sin x, yomwe ndi ziro pamene tan x = 1. Kakyuleta inena π/4. Pa [0, π] limenelo ndi lokhalo, koma pa [0, 2π] palinso 5π/4, ndipo ndi pamenepo pali msinkhu waung'ono koposa, −√2.

Mmene mungadziwire kuti mwasiya malo ena

Mndandanda ukakhala wathunthu ndipo mwaulemba motsatana, galafu siingatembenuke pakati pa ma x awiri oyandikana a pa mndandandawo. Imangokwera kapena imangotsika kuchokera pa woyamba kukafika pa wachiwiri. Izi zikukupatsani choyesera chachangu. Sankhani x wosavuta pakati pa awiri oyandikana, muwerenge msinkhu wake. Uyenera kugwa pakati pa misinkhu ya awiriwo. Ukatuluka kunja, mwina mwasiya kiritiko poyinti kapena mwalakwitsa powerenga.

Pa fankishoni yoyamba ija, pakati pa −1 ndi 3 misinkhu ikuyenda kuchokera pa 10 kutsikira pa −22. Tapeza kale f(0) = 5 ndi f(2) = −17, zonse zili m'kati. Pakati pa 3 ndi 6 ikukwera kuchokera pa −22 kufika pa 59, ndipo f(4) = −15 ndi f(5) = 10 zikugwirizana nazo. Zizindikiro za dirivetivi nazonso zivomereze: f′(0) = −9 ndi negetivi pamene misinkhu ikutsika, f′(4) = 15 ndi pozitivi pamene ikukwera.

Choyeserachi chimagwira wakuba pa zitsanzo ziwiri zija. Woiwala ziro pa h ali ndi −8 ndi 8 monga oyandikana, misinkhu 20 ndi 4. Akayesa x = 1 apeza h(1) = 3 − 1 = 2, nambala imene siili pakati pa 4 ndi 20, ndiye adziwa kuti pali chigwa chimene sanachione. Koma dziwani malire ake: akanayesa x = −1 akanapeza h(−1) = 3 + 1 = 4, yomwe ikungofanana ndi malire am'munsi ndipo ndi yosavuta kuinyalanyaza, ndipo pa x = −2 akanapeza pafupifupi 6.76, yomwe ili m'kati ndipo siikanamudzutsa. Choyeserachi chikalephera ndi umboni wakuti pali cholakwika, koma chikadutsa pa x mmodzi si umboni wakuti zonse zili bwino. Yesani ma x awiri kapena atatu otalikirana, ndipo ziro akakhala m'kati mwa intavo muyambe ndi iye, chifukwa ndi wosavuta kuwerenga komanso ndi pamene mafakita ofafanizidwa ndi mphamvu za fulakishoni zimakonda kubisa makiritiko poyinti. Pa k uja, wogawa ali ndi −7 ndi −16 basi; k(0) = 0 ikumuonetsa nthawi yomweyo kuti pakati pa −1 ndi 2 pali nsonga imene anaidumpha.